Tivi yanga ili pa Auto Update koma magetsi kwathu sadalirika: ndizimitse kapena ndiisiye?

Nangondo_Chilinde
Abale anga, ndithandizeni maganizo. Achimwene anga ananditumizira tivi ya Samsung ya mainchesi 43 kuchokera ku Joni, ndipo nthawi yonseyi takhala tikuonera kudzera pa dikoda basi, osavuta chilichonse. Sabata yathayi mwana wanga anailumikiza ku intaneti ya pafoni kuti tizionera mapemphero pa YouTube. Dzulo wandionetsa malo ena olembedwa kuti Auto Update, ndipo ndi oyatsa. Chandiopsa n'chakuti aneba anga tivi yawo inafa mwezi wa Juni ili mkati mochita apudeti, magetsi atazima mwadzidzidzi. Mpaka lero imangoonetsa dzina lake, kuzima, kuyakanso, kuzimanso, ngati munthu wa chibwibwi amene akulephera kutulutsa mawu. Ine ndalama yogulira ina ndilibe. Ndizimitse Auto Update imeneyi? Nanga apudetiyo ndi yofunikadi pomwe tivi ikuonetsa bwinobwino?

Zagwazatha
Zimitsani achemwali. Chinthu chikamagwira ntchito musamachigwiregwire.

Agogo_a_Tadala
Mwanawe, musaope. Yanga imachita zimenezo kawirikawiri, imalemba mizere pa sikirini kwa mphindi zingapo kenako matchanelo amabwerera okha. Ine sindinalipirepo kanthu, ndipo kunyumba kuno intaneti kulibe n'komwe.

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Agogo, imene mukunenayo ndi dikoda, si tivi ayi. Dikoda imalandira sofutiweya yake kudzera pa dishi kapena pa eriyo, n'chifukwa chake imachita zimenezo popanda intaneti. Komabe lamulo lake ndi lomwelo: mizere ija ikamayenda musazule pulagi.

Mayi Nangondo, ine ndimakonza mativi, ndipo onga a aneba anuwo amandipeza ndithu. Ndifotokoze kaye pamene ngozi imagona, chifukwa anthu ambiri amaopa malo olakwika. Apudeti ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi pamene tivi ikukoka fayilo pa intaneti. Pamenepa magetsi atazima kapena bandulo itatha, palibe chimene chimaonongeka. Fayiloyo imakhala ikungounjikidwa pambali, tivi sinayambe kuigwiritsa ntchito, ndiye imangodzayambiranso. Mwataya deta basi. Gawo lachiwiri ndi pamene tivi yayamba kulemba sofutiweya yatsopano m'chikumbumtima chake, mmene mumakhala malangizo oyatsira tiviyo. Magetsi akazima pamenepo, zakale zafufutika theka, zatsopano zalowa theka, ndiye tivi imayaka n'kusowa poyambira. Ndi zija za kuonetsa dzina n'kuzima zija.

Mativi ambiri a makampani akuluakulu a masiku ano amasunga sofutiweya m'zipinda ziwiri. Amalemba yatsopano m'chipinda chopanda ntchito, akamaliza n'kuitsimikiza ndi pomwe amasamukira kumeneko. Otere amapulumuka kawirikawiri magetsi akazima. Koma kunja kwa tivi sikulembedwa kuti iyi ili ndi zipinda ziwiri kapena chimodzi, ndipo buku la Samsung lomwe limachenjeza poyera kuti musazimitse magetsi mpaka apudeti itatha. Ndiye ine sindiuza munthu kuti ayesere pa tivi yake.

Tsono vuto la Auto Update kwathu kuno ndi lakuti si inu amene mumasankha nthawi ya gawo lachiwirilo. Tivi imadzisankhira yokha, nthawi zina mukaizimitsa ndi rimoti, kaja kanyali kofiira kakuyaka. Inu mukuona ngati yagona, iyo ili pa ntchito. Ndiye taganizani za chizolowezi chathu chija: kuzimitsa ndi rimoti, kenako n'kudzuka kukathimitsanso pa soketi kuopa mphenzi. Nthawi zina timadula magetsi ndi dzanja lathu lomwe.

Nangondo_Chilinde
Ayi ndithu bambo, mwanena ine. Tsiku lililonse ndikamakagona ndimathimitsa pakhoma. Sindinkadziwa kuti ikhoza kukhala ikugwira ntchito sikirini ili bii.

Kandulu_wa_mpira
Nkhani yophweka iyi. Gulani gadi ya tivi, ija timaika pa soketi ija. Ine yanga ili pa gadi chigulireni, magetsi azime kaya abwere mwamphamvu, sinapsepo. Siyani Auto Update ili choncho, gadi ikutetezani.

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Achimwene a Kandulu, gadi ndi yabwino ndipo aliyense akhale nayo, koma ntchito yake ndi ina. Gadi sisunga magetsi. Imangoona kuti mavoti akwera kapena atsika kwambiri kuchoka pa 230 yathu ija, ndiye imadula, n'kudikira pang'ono isanalumikizenso. Imateteza kuti bolodi isapse. Koma kudulako, kwa tivi imene ili mkati molemba sofutiweya, n'chimodzimodzi ndi kuzima kwa magetsi. Madzulo pamene anthu onse akuphika mavoti n'kutsika, gadi yomweyo ikhoza kukudulirani apudeti.

Kandulu_wa_mpira
Zimenezo sindinaziganizepo. Komabe ine zaka zinayi palibe chandichitikira.

Chiko_ku_Leeds
Ine ndikutsutsana nanu pang'ono nonse amene mukuti azimitse. Kuno ndinasiya zonse zoyatsa, tivi, foni, chilichonse. Chifukwa munthu akati ndizichita ndekha, zoona zake n'zakuti sachita. Amaiwala chaka chathunthu. Kenako tsiku lina apu ikukana kutseguka ndi pomwe amakumbukira. Opanga tivi anaika Auto Update chifukwa amadziwa mmene anthufe tilili.

Zagwazatha
Kwanuko magetsi anazima liti komaliza?

Chiko_ku_Leeds
Pamenepo ndikuvomera, chaka chino sanazimepo. Koma mfundo yanga ya kuiwala ikadalipo.

Wa_maneti_Zomba
Ndiikire kumbuyo a Chiko pa mbali imodzi. A Zagwazatha akuti chinthu chikamagwira ntchito musachigwire, ndipo zimenezo zinali zoona pa mativi akale a chimsana aja. Tivi ya Mayi Nangondo ndi kompyuta, ndipo kuyambira sabata yatha ili pa intaneti. Mu Epulo 2024 kampani ya Bitdefender inalengeza mabowo anayi m'mativi a LG a webOS 4 mpaka 7, oti munthu akanatha kulowerapo n'kulamulira tivi yonse. Atafufuza anapeza mativi opitirira 91,000 akuonekera poyera pa intaneti. LG inali itatulutsa kale apudeti yotseka mabowowo mu Malichi chaka chomwecho. Amene anali ndi Auto Update yoyatsa anatetezedwa osadziwa n'komwe. Amene anazimitsa n'kuiwala anakhalabe ndi khomo lotsegula, tivi ikuonetsa bwinobwino ngati palibe vuto.

Ndiye funso la mayiwa lakuti apudeti ndi yofunikadi, yankho langa ndi eya, bola tiviyo ikulowa pa intaneti ndipo mwaikamo ma akaunti anu. Ngati ndi ya dikoda yokha, yosalumikizidwa kulikonse, mukhoza kukhala nayo zaka khumi osaigwira.

Nasibeko_wa_Salima
Pepani ndilowerere. Ine vuto langa ndi deta. Tivi yanga ndimailumikiza pa hotisipoti ya foni. Tsiku lina ndinagula bandulo ya sabata Lolemba m'mawa, pofika madzulo yatha, pomwe ana anangoonera makatuni ola limodzi. Ndinapita kukadandaula kwa amene ndinagula bandulo, ndinawakalipira zedi. Patapita masiku awiri tivi inalemba kuti yalandira sofutiweya yatsopano, ndi pomwe ndinazindikira kumene deta yanga inapita. Zinandiwawa chifukwa inali ndalama ya ndiwo.

Wa_maneti_Zomba
Zimachitikadi achemwali. Fayilo ya apudeti ya mativi a masiku ano kawirikawiri imapitirira 1 GB, ndipo tivi siidziwa kuti intaneti imene mwaipatsa ndi ya bandulo yowerengera. Kwa iyo waifai ndi waifai.

Kandulu_wa_mpira
Kunena za bandulo, kodi mpira umodzi wa mphindi 90 umadya zingati mukamaonera pa tivi? Ine ndikaonera pa foni zimakwanira, koma pa tivi theka lachiwiri limandithera panjira.

Wa_maneti_Zomba
Tivi imadzisankhira chithunzi chapamwamba chifukwa sikirini ndi yaikulu, ndiye imadya kuposa foni. Lowani mu apu imene mukuonerayo mutsitse pa Quality, muike 480p kapena 720p. Koma tisasocheretse funso la mayiwa.

Mjoni_wa_ku_Durban
Ine ndili ndi chenjezo lina kwa amene mumalandira mativi ochokera kuno. Mu Julaye 2021, nthawi ya zipolowe ija, anthu anathyola nyumba yosungiramo katundu ya Samsung ku Cato Ridge kuno ku KwaZulu-Natal. Kampaniyo inalengeza kuti ili ndi njira yotchedwa TV Block: tivi yobedwa ikangolumikizidwa ku intaneti, imaona siriyo nambala yake n'kuitseka. Ndiye ena amati apudeti yandiphera tivi, pomwe ndi katundu wogula pamsewu wopanda lisiti. Mayi Nangondo, achimwene anuwo anagula kusitolo?

Nangondo_Chilinde
Anagula kusitolo, lisiti inabwera m'katoni momwemo ndipo ndinaisunga m'Baibulo. Ndipotu yatha sabata ili pa intaneti osatsekedwa.

Mjoni_wa_ku_Durban
Ndiye mulibe nkhawa kumbali imeneyo.

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Ndibwerere kwa a Chiko. Ngakhale kumene magetsi sazima, pali chifukwa china chimene ine sindikonda kuti tivi izilandira apudeti tsiku lomwe yatuluka. Nthawi zina apudetiyo imabwera ili yolakwika kuchokera kwa eni ake. Kwanu komweko ku Britain, mu Ogasiti 2017, apudeti ina ya Samsung inasiya mativi ena atsopano ataima pa chithunzi choyambira, osamvera rimoti, mpaka amisiri a kampani anachita kuwakonza ndi manja. Mu Malichi 2025 zinachitikanso ndi masipika aatali aja oika pansi pa tivi, a HW-Q990D, ambiri anasiya kugwira ntchito atalandira apudeti yokha. Anthu amenewa sanalakwitse kalikonse, magetsi awo anali bwino. Anangokhala oyamba kulandira.

Tsono kumeneko kampani imabwera kudzatenga n'kukonza. Tivi ya Mayi Nangondo inagulidwa ku Joni, ili ku Chilinde. Ikafa, aibweza bwanji? Komanso mudziwe kuti pa Samsung apudeti ilibe njira yobwerera. Mukalowetsa yatsopano, yakale simungaibwezeretse, ngakhale mutachita Reset. Reset imafufuta zimene inu munasintha, koma sofutiweya imakhala yatsopano yomweyo. Pa chinthu chopanda pobwerera, kudikira milungu iwiri kapena itatu kuti ena ayambe alawa si mantha ayi.

Chiko_ku_Leeds
Za 2017 zo ndinazimva. Koma ndi kangati zimachitika? Mativi mamiliyoni amalandira apudeti mwezi ndi mwezi popanda vuto. Mukutenga ngozi ya apo ndi apo n'kuikuza kuposa ngozi ya tsiku ndi tsiku yokhala ndi sofutiweya yakale.

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Sizichitika kawirikawiri, n'zoona. Kwa inu ndikanati siyani choyatsa. Ine ndikuyankha mayi amene magetsi awo amazima, amathimitsa pakhoma usiku uliwonse, amagula deta ya bandulo, ndipo alibe kobweza tivi. Zinayi zimenezi zikakumana, ndimati zimitsani, koma muzichita nokha. Si kuzimitsa n'kutaya.

Nangondo_Chilinde
Chabwino bambo, ndamva. Ndiye ndiuzeni mwatsatanetsatane, ndichite bwanji? Mwana wanga ali pano, awerenga nane.

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Choyamba zimitsani Auto Update panopa. Tengani rimoti, mulowe motere:

```
Settings > Support > Software Update > Auto Update
```

Ngati yanu ndi ya zaka zaposachedwa mudzayamba mwadutsa pa All Settings. Chimene chinayatsa si mwana wanu ayi, musamukalipire. Pa Samsung, munthu akavomera mfundo za Smart Hub polumikiza intaneti koyamba, Auto Update imadziyatsa yokha.

Kenako, pa Support pomwepo, tsegulani About This TV. Mujambule sikiriniyo ndi foni. Pali zinthu ziwiri zofunika: nambala ya modelo ndi nambala ya sofutiweya imene ilimo panopa. Mutiuze modeloyo pano, koma siriyo nambala musalembe pagulu. Mujambulenso mmene munaikira kuwala, mitundu ndi mawu pa Picture ndi pa Sound, chifukwa apudeti nthawi zina imabwezera zimenezi mmene zinalili tivi ili yatsopano, ndiye munthu amaganiza kuti chithunzi chaonongeka pomwe ndi zongosinthanso.

Tsiku lochita apudeti musankhe ndinu. Onani ndandanda ya kuzima kwa magetsi m'dera lanu, koma musaidalire yokha. Ine ndimakonda nthawi imene magetsi angobwera kumene n'kukhala mphindi makumi atatu osaphethira, osati madzulo pophika, osatinso kukuchita mabingu. Yang'anani mita, mayunitsi akhale okwanira. Zimamveka zazing'ono koma ndinalandirapo tivi imene inafa chifukwa mayunitsi anathera pakati. Auzeni a m'nyumba kuti wina asayatse ayironi kapena hita pa ekisitenshoni yomweyo, ndipo rimoti muibise kwa ana.

Ngati mungabwereke inveta ya sola kapena yupiesi ya kompyuta, kabokosi kaja kosunga magetsi m'batire, ndiye bwino koposa. Lumikizani tiviyo pamenepo musanayambe.

Nangondo_Chilinde
Tazimitsa. Modelo ikuyamba ndi UA43AU7000, kutsogoloku kuli zilembo zina zothera ndi XXA. Kutchalitchi kwathu kuli kayupiesi kakang'ono ka kompyuta ya mlembi, kalembedwa 650VA. Kangakwane?

Wa_maneti_Zomba
Tiwerengere limodzi. Toterewu nthawi zambiri mkati mumakhala batire imodzi ya 12 V, 7 Ah. Mukachulukitsa ndi mawati 84 kwa ola limodzi papepala. Koma simungawapeze onsewo: ena amatayika posintha magetsi, ndipo batire yotere ikamakokedwa mwachangu imapereka zochepa. Tingowerengera theka. Tivi ya mainchesi 43 imadya penapake pakati pa mawati 60 ndi 100, onani pepala lomata kumbuyo kwake. Tikatenga 80, ndiye muli ndi pafupifupi theka la ola batire ikakhala yatsopano. Gawo loopsa lija la kulemba kawirikawiri ndi la mphindi zochepa, ndiye kakwana.

Koma batire za yupiesi zimakalamba pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kunja sizioneka. Yesani kaye: itchajeni usiku wonse, lumikizani tivi, yatsani, kenako zulani yupiesiyo kukhoma muwerenge mphindi. Ikafika makumi awiri tivi ikuonetsabe, ndi yabwino, itchajeninso mudzachite mawa lake. Ikalira n'kuzima pa mphindi zitatu, musaidalire. Ndipo pa yupiesipo pakhale tivi yokha, dikoda ndi masipika zichoke.

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Awerengera bwino. Tsono njira zilipo ziwiri. Yophweka ndi kukanikiza Update Now tivi ili pa intaneti. Ubwino wake ndi wakuti tivi imadzisankhira yokha fayilo yoyenera, simungalakwitse. Kuipa kwake ndi deta, komanso nthawi imene imatenga netiweki ikakhala yofooka.

Inayo ndi ya fulashi, ndipo kwa inu ndi imene ndingasankhe ngati mwana wanu ali ndi kumene angapeze intaneti yabwino, kaya kusukulu kaya kuntchito kwa wina. Apite pa webusayiti ya Samsung yeniyeni, gawo la Support la ku South Africa, alembe modelo yonse mpaka zilembo zomalizazo. Zilembo zimenezi si zokongoletsa. UA ndi mativi a kuno ku Africa ndi ku Asia, UE ndi a ku Ulaya, UN ndi a ku America, ndipo XXA ija ikusonyeza msika wa ku South Africa. Tivi ya a Chiko ku Leeds ikhoza kukhalanso AU7000 koma fayilo yake n'kukhala ina. Pa tsambalo aone nambala ya sofutiweya ndi tsiku limene inatuluka. Ngati nambalayo ndi yofanana ndi imene munajambula, palibe chochita, mwamaliza. Ngati ndi yokulirapo ndipo yatha milungu ingapo chitulukire, aikoke.

Fayiloyo imabwera yomangidwa, ya .zip. Aimasule pa kompyuta, kenako zimene zatulukazo aziike pa fulashi yopanda kanthu, yokonzedwa ngati FAT32, pamwamba penipeni, osati mkati mwa foda ina, ndipo asasinthe dzina. Mukafika kunyumba lowetsani fulashiyo kumbuyo kwa tivi, pitani pa Update Now, tivi idzafunsa ngati ifufuze pa USB, muvomere. Mukatero manja m'thumba. Idzazima ndi kuyaka yokha. Sikirini ikada musathamangire pulagi, musazule fulashi. Ikabwerera, lowaninso pa About This TV muone ngati nambala yasintha.

Nachisale_Mzuzu
Yanga ndi LG, kodi ndi chimodzimodzi?

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Mfundo ndi zomwezo, koma pa LG fulashi imafuna foda ya dzina ili ndendende, zilembo zazikulu:

```
LG_DTV
```

Fayilo yothera ndi .epk ndi imene imalowa m'menemo. Mukaiika panja pa fodayo tivi siiona.

Braziyo_wa_pa_msika
Akuluakulu, bwanji mukuvutika chonchi? Pali magulu a pa WhatsApp ndi Telegram amene amagawa sofutiweya ya tivi iliyonse ulere, ena mpaka amati imatsegula matchanelo olipira. Ine ndinaikapo pa ya malume anga, yopanda dzina lodziwika ija, inatheka.

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Aise, unachita mwayi, koma usawauze anthu zimenezo. Mativi a makampani akuluakulu amakana fayilo yosachokera kwa eni ake, ndiye kumeneko ungotaya deta, mwinanso kutenga vairasi pa kompyuta. Ngozi yeniyeni ili pa mativi otchipa opanda dzinawo. Ambiri mkati mwake muli bolodi za mtundu umodzi, monga T.V56.03, ndipo zimalandira fayilo popanda kufunsa zambiri. Sofutiweya yake imayenderana ndi bolodi komanso galasi la sikirini, osati dzina lolembedwa kutsogolo. Mativi awiri a dzina limodzi akhoza kukhala ndi magalasi osiyana, lina 1366x768 lina 1920x1080. Ukaika ya galasi lina, chithunzi chimatuluka chogawanika, chozondoka, cha mitundu yachilendo, kapena mdima wokhawokha mawu akumveka. Rimoti nayo imasiya kumvera chifukwa fayiloyo inapangidwira rimoti ina.

Mwezi wathawu anandibweretsera ya mainchesi 32 yotero. Mwini wake, bambo wachikulire, anakhala pa benchi yanga kuyambira m'mawa atagwira rimoti m'manja, akungoyang'ana anthu oyenda chadodolido pa sikirini. Ndinachita kutsegula kumbuyo, kuwerenga nambala ya galasi, kufufuza fayilo yake. Inatheka madzulo. Ena satheka mpaka kusintha bolodi. Tivi yotere ikamagwira ntchito, pamenepo ndiye ndikugwirizana ndi a Zagwazatha: isiyeni.

Zagwazatha
Mwaona, ndinanena.

Wa_maneti_Zomba
Munanena za mativi onse, mmisiriyu akunena za opanda dzina okha. Si zofanana.

Braziyo_wa_pa_msika
Ndamva bwana. Koma ya malume ikugwirabe mpaka pano.

Agogo_a_Tadala
Nanga ya aneba a mwanayu, imene ikungoyaka n'kuzima ija, ndiye kuti yapita basi? Mtima wanga uli pamenepo, chifukwa tivi ndi ndalama zambiri.

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Sinapite agogo, asaitaye ndipo asagulitse ngati zotsalira. Galasi, limene ndi lodula kwambiri, likadali labwino. Ayambe aizula kukhoma kwa mphindi zingapo, achotse zonse zolumikizidwa kumbuyo, ayatsenso. Ena amadzuka pomwepo. Ikakana, mitundu ina ili ndi njira yoikira sofutiweya mokakamiza kudzera pa fulashi poyatsa, koma njirayo imasiyana kampani ndi kampani, ndiye apite nayo kwa mmisiri. Zikakanika zonse, timalemba mwachindunji pa kachipu ka chikumbumtima ndi makina ake, kapena kusintha bolodi yaikulu. Ndionjezere kuti si tivi iliyonse yoyaka n'kuzima imene yaphedwa ndi apudeti. Nthawi zina kachipuko kanali katatopa kale, kapena bolodi ya magetsi ndi imene ikufooka, apudeti yangopezerapo. Mmisiri woona ayambe wayeza mavoti asanatchule mtengo.

Nasibeko_wa_Salima
Ine ndazimitsa yanga dzulo, koma lero ndaona YouTube yasintha maonekedwe. Ndiye kuti sizinazime?

Wa_maneti_Zomba
Zinazima. Ma apu ali ndi apudeti zawozawo, zosiyana ndi za tivi yonse. Pa Samsung zili mu Apps, pa kachizindikiro ka Settings, palinso Auto Update ina. Imeneyo ine ndimati isiyeni yoyatsa: mafayilo ake ndi aang'ono, ndipo magetsi atazima pakati, choipa kwambiri n'chakuti apu imodzi ikana kutseguka, mumangoiikanso. Tivi siifa nazo. Komanso ma apu ngati YouTube mbali yaikulu ya maonekedwe awo imachokera pa intaneti nthawi imene mukutsegula, ndiye amasintha ngakhale mutazimitsa zonse.

Chiko_ku_Leeds
Ine ndikadali pomwe ndinali. Ndikufuna tidzafunsane pano pakatha chaka, tione kuti mwa amene mwazimitsa ndi angati amene mudzakhale mutachitadi apudeti ndi manja.

Wa_maneti_Zomba
Nkhawa imeneyo ndili nayonso. Amene mwazimitsa, ikani chikumbutso pa foni panopa, miyezi itatu iliyonse. Musadikire kuti mudzakumbukira.

Nangondo_Chilinde
Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Yupiesi ya kutchalitchi tinaiyesa Lachisanu, inagwira tivi mphindi 24 isanayambe kulira mothamanga. Mwana anakoka fayilo kusukulu kwawo. Loweruka m'mawa tinalowetsa fulashi, koma Software Update inali yotuwa, yosakanikizika. Mtima unagunda. Kenako mwanayo anakumbukira kuti YouTube inali yotsegula, anatuluka n'kubwerera ku HDMI ya dikoda, malowo anayera. Titakanikiza, tivi inati palibe chatsopano. Apa ndiye tinabwerera kuwerenga zimene bambo a ku Limbe analemba, n'kupeza kuti mwanayo anaika fayilo ija osaimasula. Anathamangira kwa mnzake wa laputopu, anaimasula, tinayesanso. Ulendo uno inaipeza. Tinakhala chete pampando tonse atatu, rimoti ili m'thumba la chitenje changa. Inazima, inayaka yokha, nambala yasintha, chithunzi chili bwinobwino. Magetsi sanazime n'komwe, koma sindikudandaula kuti ndinanyamula yupiesi ija pamutu kuchokera kutchalitchi.

Chikumbutso taika cha mwezi wa Janyuwale. Tsono Janyuwale ndi nthawi ya mvula ndi mabingu. Ndidzachite nthawi yomweyo, kapena ndidikire mvula ithe?

Mmisiri_wa_ku_Limbe
Mudzayang'ane kaye pa webusayiti ngati kwatuluka nambala ina, mwina simudzapeza kanthu. Ikakhalapo, sankhani m'mawa wopanda mitambo, yupiesi ili yodzadza, ndipo yupiesiyo muizule kukhoma, tivi ikhalebe pa yupiesi, ngati kunja kwayamba kuda.

Wa_maneti_Zomba
Ine ndikanati asadikire mpaka Epulo ngati apudetiyo yalembedwa kuti ndi ya chitetezo. Mayi Nangondo, mukadzaona nambala yatsopano mudzatilembere zimene alemba pansi pakepo, tidzaonere limodzi.